Masekondi 30 oyamba munthu akaimirira

Aliyense amene ananjutapo nthawi yaitali pamoto kapena potsuka mbale, n'kudzambatuka atamva kuitana, amazidziwa izi. M'maso mumachita mdima, m'makutu mumalira, mawondo amalobodoka. Munthu amagwira chipupa n'kuima kaye, ndipo asanaganize n'komwe zokhala pansi kuwala kumabwerera, iye n'kupitiriza zimene amachita. Ena amati ndi njala, ena amati magazi achepa. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri chimene chachitika n'chakuti bipi inatsika kwa kanthawi, magazi opita ku ubongo anaperewera, ndipo thupi lakonza lokha vutolo pasanathe theka la miniti.

Kutsika kumeneku kumayamba nthawi ina iliyonse imene munthu wadzuka pamphasa, pampando kapena pabedi. Nthawi zambiri sitimva kanthu chifukwa kukonzako kumafulumira kuposa kutsikako. Amene amagwira ntchitoyi ndi timitsempha tomva kukankha kwa magazi, timene madokotala amatitcha mabarorisepita, mothandizana ndi tsinde la ubongo, mtima, ndi minofu yopyapyala yokuta mitsempha ya magazi. Ukadziwa mmene zinthu zinayizi zimapatsirana uthenga, umatha kusiyanitsa chizungulire chosaopsa ndi chimene chikufunika chipatala, ndipo kusiyanitsako kumangofuna makina oyezera bipi ndi wotchi.

Vuto limayambira m'miyendo

Bipi ndi mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mitsempha yochoka kumtima. Akakuyezani n'kunena kuti 120/80, nambala yapamwamba ndi kukankha kwa pamene mtima wafinya magazi, yapansi ndi kwa pamene mtima ukudzazanso. Mphamvu imeneyi imadalira zinthu ziwiri: kuchuluka kwa magazi amene mtima ukutulutsa pa miniti, ndi kuthina kwa timitsempha ting'onoting'ono timene magaziwo ayenera kudutsamo. Chimodzi mwa ziwirizi chikachepa, bipi imatsika.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo ochuluka mwa magaziwa, pafupifupi magawo awiri mwa atatu, amakhala m'mitsempha yobwerera kumtima. Mitsempha imeneyi ndi yofewa, imafutukuka mosavuta. Munthu akagona, mutu, mtima ndi mapazi zimakhala pamlingo umodzi, choncho magazi amagawanika bwino. Akaimirira, kulemera kwa magaziwo kumawakokera pansi. Mitsempha ya m'ntchafu, m'matako, m'akatumba ndi m'mimba imafufuma, ndipo magazi oyambira theka la lita mpaka lita imodzi amachoka m'chifuwa n'kukakhazikika kumunsi. Ochuluka mwa iwo amatsika m'masekondi ochepa oyambirira.

Magaziwo sanatayike, koma mtima sungapope magazi amene sanaufikire. Obwerera akachepa, mtima sudzaza mokwanira, ndipo pakugunda kulikonse umatulutsa ochepa, mwina kuchepa ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposerapo. Pamwamba pa izi, ubongo tsopano uli pamwamba pa mtima. Sentimita iliyonse imene magazi akwera imadya pang'ono mphamvu yawo, moti pamlingo wa maso, masentimita 30 pamwamba pa mtima, bipi imakhala yotsika ndi 22 kapena 23 poyerekeza ndi ya pamkono. Ubongo susunga mpweya wa okosijeni woti udalire. Magazi akasiya kuufikira kwa masekondi 6 mpaka 8 okha, munthu amakomoka. N'chifukwa chake kukonzaku sikungadikire impso kapena madzi akumwa, zimene zimagwira ntchito pa maminiti ndi maola. Pamafunika njira ya mitsempha ya uthenga, imene imayankha mtima usanagunde kawiri.

Timitsempha timene sitikhala chete

Mabarorisepita ofunika kwambiri ali malo awiri. Oyamba ali m'khosi, mbali zonse ziwiri, cha m'munsi mwa ngodya ya chibwano. Pamenepo mtsempha waukulu wa karotidi umagawanika pawiri, ndipo nthambi yolowera ku ubongo imayamba ndi kachotupa kakang'ono kokhala ndi khoma lopyapyala. Achiwiri ali pa aota, mtsempha waukulu wochoka kumtima, pamene umakhota pamwamba pa mtimawo. Malo onse awiri ndi oyenera: amodzi ali pakhomo lotulukira kumtima, enawo ali pakhomo lolowera ku ubongo.

Timitsemphati sitiyeza magazi mwachindunji. Nsonga zake zinalukana ndi khoma la mtsempha wa magazi, ndipo zimamva khomalo likamakokeka. Mtima ukagunda, mtsempha umafutukuka, nsongazo zimakokeka n'kutumiza uthenga wa magetsi motsatizana. Mtsempha ukaphwa, uthengawo umachepa. Choncho pakugunda kulikonse, usana ndi usiku, ubongo umalandira lipoti. Bipi ikakwera uthenga umachuluka, ikatsika uthenga umachepa. Timamvanso kukula kwa kugunda kwenikweniko, moti mtima ukayamba kutulutsa magazi ochepa pakugunda kumodzi, timazindikira ngakhale bipi isanatsike kwambiri.

Uthenga wa m'khosi umayenda m'kamtsempha kamene kamalumikizana ndi mtsempha wa nambala 9 mwa mitsempha 12 yochokera m'chigaza, pomwe wa pa aota umayenda mu mtsempha wa nambala 10, wotchedwa vegasi. Yonse imakathera mu medula, m'tsinde la ubongo, cha kunkhongo. Kumeneko ndi kutali ndi mbali ya ubongo yoganizira, n'chifukwa chake munthu samva chilichonse ndipo sangathe kuuletsa uthengawo mwa kufuna kwake.

Izi zinadziwika pang'onopang'ono. Mu 1866, mumzinda wa Leipzig ku Germany, Elias Cyon ndi Carl Ludwig anapeza kamtsempha m'khosi mwa kalulu kamene akakagwedeza ndi magetsi bipi inkatsika, mtima n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. M'zaka za 1923 ndi 1924, Heinrich Hering, akugwira ntchito ku Cologne, anasonyeza kuti kachotupa ka pa karotidi nako kamachita zomwezo, ndipo kamtsempha kochokera pamenepo kamatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Funso lakuti kukokeka kwa khoma kumasanduka bwanji uthenga wa magetsi linatenga nthawi yaitali. Mu 2018, ofufuza a m'gulu la Ardem Patapoutian ku California anasonyeza pa mbewa kuti timakomo ting'onoting'ono totchedwa PIEZO1 ndi PIEZO2, timene timatseguka khungu la selo likakokeka, n'tofunika pa ntchitoyi. Mbewa zimene anazichotsera timakomo tonse tiwiri m'mitsempha imeneyi zinali ndi bipi yosakhazikika, ndipo mtima wawo sunkabweza liwiro bipi ikakwezedwa.

Kumasula buleki, kenako kupalasa

Chinsinsi cha liwiro la njirayi n'chakuti uthenga wa mabarorisepita ndi woletsa. Bipi ikakhala bwino, uthengawo umauza medula kuti izigwira mtima kuti usathamange, ndiponso kuti isathinitse kwambiri mitsempha ya magazi. Pamene munthu waimirira, palibe chenjezo latsopano limene limatumizidwa. Uthenga umene unalipo kale umangochepa, ndipo zimene zinali zogwiridwa zimamasuka.

Medula ili ndi njira ziwiri zolamulira mtima. Yoyamba ndi vegasi yemweyo, amene ali ndi ulusi wina wotsika kupita kumtima. Mtima ukasiyidwa wokha umagunda pafupifupi ka 100 pa miniti. Chimene chimachititsa kuti munthu wopuma azigunda ka 60 mpaka 80 ndi vegasi, amene amaubweza nthawi zonse. N'chifukwa chake anthu amene anawaika mtima wa munthu wina, umene mitsempha yake ya uthenga inadulidwa pa opaleshoni, amagunda mofulumirirapo ngakhale atangokhala. Njira yachiwiri ndi mitsempha ya simpathetiki, imene imatsika mu fupa la msana n'kufalikira kumtima ndi ku mitsempha ya magazi ya thupi lonse. Iyo imatulutsa noradirenalini, imene imafulumizitsa mtima, imaulimbitsa pofinya, ndiponso imathinitsa mitsempha.

Wakabaza amene akutsetsereka atagwira buleki akafuna liwiro, choyamba amangomasula dzanja, ndipo njinga imayankha pomwepo. Kupalasa kumaonjezera mphamvu yambiri, koma kumatenga kanthawi kuti kumveke. Vegasi ndiye bulekiyo, ndipo akamasuka mtima umasintha pakugunda kotsatira kapena kwachiwiri. Simpathetiki ndiko kupalasako: imayamba kumveka pakapita masekondi angapo, ndipo kuthina kwa mitsempha kumafika pachimake pakapita masekondi 10 mpaka 20 kapena kuposerapo. Mpata umene uli pakati pa ziwirizi ndiwo umabweretsa mdima m'maso.

Akamuyeza munthu wathanzi ndi makina olemba bipi pakugunda kulikonse, nkhani imaoneka motere. M'masekondi 3 oyamba mtima umalumpha msanga, mwa zina chifukwa cha kudzuka kwenikweniko, pakuti minofu ikagwira ntchito vegasi amamasuka. Kenako bipi imatsika, ndipo imafika pansi penipeni cha pa sekondi ya 7 mpaka 10. Mtima umathamanga kwambiri cha pa kugunda kwa nambala 15. Apa kuthina kwa mitsempha ya m'mimba, m'impso, m'minofu ndi pakhungu kumakhala kwayamba kugwira, bipi imakwera, ndipo nthawi zambiri imapitirira pang'ono pamene inali. Mabarorisepita amamva kupitirirako, vegasi amagwiranso, ndipo cha pa kugunda kwa nambala 30 mtima umakhala wabwerera pang'ono. Pofika miniti imodzi zinthu zimakhala zakhazikika: mtima ukugunda ka 10 mpaka 20 kuposa pamene munthu anali chigonere, nambala yapamwamba ya bipi ili pafupi ndi pamene inali, yapansi yakwera pang'ono.

Kudzuka kuchokera chonjuta kumavuta kwambiri kuposa kudzuka pampando. Ponjuta, minofu ya m'miyendo imakhala itapsinja mitsempha, magazi ambiri amakankhidwira kumtima, bipi imakwera pang'ono, ndipo mabarorisepita amakhala atabweza mtima ndi kumasula mitsempha. Munthu akadzambatuka, kupsinjako kumachoka nthawi imodzi, magazi amathamangira m'miyendo imene mitsempha yake yatseguka, ndipo thupi limapezeka litakonzekera zosiyana ndi zimene zikufunika.

Tiwerengere pamodzi

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, koma ali pamlingo wa munthu wamkulu wathanzi. Ali chigonere, mtima wake ukugunda ka 70 pa miniti, ndipo pakugunda kulikonse ukutulutsa mamililita 70. Pa miniti ndiye kuti ukutulutsa mamililita 4,900. Bipi yake ndi 120/80, imene pakatikati pake ndi pafupifupi 93.

Waimirira, ndipo magazi a pakugunda kumodzi atsika kufika mamililita 45. Mtima ukapanda kusintha liwiro, ukutulutsa mamililita 3,150 okha pa miniti. Mitsempha ikapandanso kuthina, bipi ya pakatikati itsika mofanana, kuchoka pa 93 kufika cha pa 60. Tikachotsapo 22 ya chitunda chokwera kumutu, ubongo ukulandira magazi pa mphamvu yosakwana 40, imene ndi yochepa kuti munthu apitirize kuona bwino ndi kuima.

Tsopano mtima wakwera kufika ka 85 pa miniti. Tikachulukitsa 85 ndi 45 tipeza mamililita 3,825. Zathandiza, koma akadali ochepa ndi magawo 22 pa 100 alionse poyerekeza ndi poyamba. Mtima pawokha sungatseke mpata wonsewo, ndipo ngakhale utathamanga kwambiri sungatulutse magazi amene sanabwere. Kuti bipi ibwerere pa 93, kuthina kwa mitsempha kuyenera kukwera ndi magawo pafupifupi 28 pa 100. Apa n'pamene timaona kuti gawo lalikulu la ntchitoyi silili pa kugunda kumene timakumva pachifuwa, koma pa kuthina kwa mitsempha kumene sitikumva. Anthu amene mtima wawo umayendetsedwa ndi kachipangizo ka batire pa liwiro losasintha amatha kuimirira bwinobwino ngati mitsempha yawo ikuthina, pomwe amene mitsempha yawo sithina amagwa ngakhale mtima wawo uli wabwino.

Wina angafunse kuti, bipi ikabwerera mwakale, n'chifukwa chiyani thupi silimasulanso zonse? Yankho lina lili pa malo amene mabarorisepita a m'khosi ali. Munthu akaimirira, iwo amakhala pamwamba pa mtima, choncho amamvabe bipi yotsika ndi 15 kapena kuposerapo ngakhale ya pamkono ili bwino. Kugunda nakonso kumakhala kocheperapo mphamvu, ndipo timitsempha tina ta m'zipinda zolandirira magazi za mtima timanenabe kuti magazi obwerera ndi ochepa. Uthenga woletsa umakhalabe wochepa mpaka munthuyo atakhala kapena kugona.

Pamene njirayi imalekezera

Mabarorisepita amathinitsa mitsempha, koma sangakweze magazi onse amene ali m'miyendo. Ntchito imeneyo ndi ya minofu. Mitsempha yobwerera kumtima ya m'miyendo ili ndi tizitseko totsegukira m'mwamba mokha, ndipo akatumba akafinya, magazi amakankhidwa kukwera osabwereranso. Mwa munthu amene waima chilili osasuntha, mphamvu ya magazi m'mitsempha ya pakakolo imafika pafupifupi 90. Akayenda masitepe ochepa imatsika kufika cha m'ma 30 kapena kucheperapo. Munthu akaimabe osasuntha, madzi a m'magazi amayamba kudontha pang'onopang'ono kuchoka m'timitsempha kulowa m'minofu ya m'miyendo, ndipo magazi oyenda m'thupi amacheperachepera.

N'chifukwa chake mwana wasukulu amagwa pa asembule dzuwa likuswa mtengo, kapena msilikali amagwa pa perete. Kutentha kumatsegula mitsempha ya pakhungu, thukuta limachotsa madzi, miyendo sikupopa. Kwa maminiti angapo thupi limalimbana, mtima ukuthamanga. Kenako mwa anthu ena zinthu zimatembenuka mwadzidzidzi: simpathetiki imaleka, vegasi amagwira mwamphamvu, mitsempha imamasuka, mtima umachedwa, munthu n'kugwa. Nthawi zambiri pamakhala zizindikiro zotsogola: kuyasamula, nseru, thukuta lozizira, nkhope ndi milomo kutuwa, kumva mawu ngati akuchokera kutali. Kugwako kumathetsa vutolo, pakuti mutu ndi mtima zimakhalanso pamlingo umodzi. Cholakwika chimene anthu achifundo amachita ndi kumugwira munthu wotere kuti akhale tsonga kapena kumuimiritsa. Ayenera kugonekedwa chagada, miyendo n'kuikweza, ndipo asapatsidwe madzi kapena chakudya mpaka atatsitsimuka bwino. Ngati wasanza kapena akuchedwa kudzuka koma akupuma, agonekedwe chammbali.

Malire ena ndi akuti mabarorisepita amazolowera. Bipi ikakhala yokwera kwa masiku angapo, iwo amayamba kuitenga ngati yoyenera, n'kumaiteteza pamlingo watsopanowo. Mu 1973, Allen Cowley, Jean-François Liard ndi Arthur Guyton ku Mississippi anadula mitsempha imeneyi mwa agalu n'kuwayeza usana ndi usiku. Anapeza kuti bipi ya pakatikati pa tsiku lonse sinasinthe kwambiri, koma inkakwera ndi kutsika mosadziletsa. Ntchito yaikulu ya mabarorisepita ndi kuletsa kulumphalumpha kwa mphindi ndi mphindi. N'chifukwa chake samuchiza munthu wodwala bipi yokwera, ndiponso n'chifukwa chake munthu amene wangoyamba kumene mankhwala a bipi amatha kumva chizungulire masiku oyamba, thupi lisanazolowere mlingo wotsikirapo.

Mmene mungadziwire pamene pavuta

Mdima wa masekondi ochepa ukangodzuka, umene umatha wokha pasanathe theka la miniti, umachitika kwambiri ngakhale kwa achinyamata athanzi. Chodetsa nkhawa ndi bipi imene yatsika n'kukhalabe pansi. Kuyeza kwake n'kosavuta. Munthu agone chagada kwa maminiti 5, ayezedwe bipi ndi kugunda kwa mtima. Kenako aimirire, wina ali pafupi kuti amugwire, ndipo ayezedwenso pakatha miniti imodzi ndi pakatha maminiti 3, mkono uli pamlingo wa mtima. Madokotala amati pali vuto ngati nambala yapamwamba yatsika ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi yatsika ndi 10 kapena kuposa. Koma manambala a bipi amangonena kuti vuto lilipo. Chimene chimaloza kumene lachokera ndi kugunda kwa mtima.

Tiyerekeze bambo wa zaka 68 amene amamwa mankhwala a bipi okodzetsa, ndipo watsegula m'mimba masiku awiri. Ali chigonere, bipi ndi 138/82, mtima ukugunda ka 76. Pakatha maminiti 3 ali chiimire, bipi ndi 112/74, mtima ukugunda ka 98. Nambala yapamwamba yatsika ndi 26, mtima wakwera ndi 22. Mabarorisepita ake amva kutsikako ndipo ayankha mwamphamvu, koma madzi m'thupi achepa moti kuyankhako sikukukwanira. Thandizo lake ndi kubwezeretsa madzi ndi mchere, monga Thanzi ORS kapena diripi ngati zafika poipa, ndiponso kuti wachipatala aone ngati mankhwala okodzetsawo ayenera kuimitsidwa kaye. Chithunzi chofananacho chimaoneka mwa munthu amene wataya magazi, amene ali ndi malungo ndi kutentha thupi, kapena amene wagwira ntchito padzuwa osamwa madzi.

Tiyerekezenso mayi wa zaka 60 amene wakhala ndi shuga kwa zaka zambiri, ndipo mapazi ake anachita dzanzi kalekale. Ali chigonere, bipi ndi 150/88, mtima ukugunda ka 80. Ali chiimire, bipi ndi 110/70, mtima ukugunda ka 84. Bipi yatsika ndi 40, koma mtima wangokwera ndi 4. Apa madzi akhoza kukhala okwanira, koma uthenga sukufika, pakuti shuga amene anawononga mitsempha ya kumapazi wawononganso mitsempha yolamula mtima ndi mitsempha ya magazi. Akatswiri amagawa kukwera kwa mtima ndi kutsika kwa bipi yapamwamba. Kwa bambo uja, 22 kugawa ndi 26 ndi 0.85. Kwa mayiyu, 4 kugawa ndi 40 ndi 0.1. Yankho likakhala lochepera 0.5, amakayikira mitsempha ya uthenga. Matenda a Parkinson nawonso amabweretsa chithunzi chotere. Muyezowu sudalirika ngati munthu akumwa mankhwala obweza mtima monga atenololo, kapena ngati mtima wake umagunda mosalongosoka.

Taonaninso kuti bipi ya mayiyu ali chigonere ndi yokwera. Njira yomweyi imene imakweza bipi ikatsika ndiyo imaitsitsa ikakwera, ndipo ikafooka zonse ziwiri zimalephereka. Akangoyezedwa ali pampando n'kuwonjezeredwa mankhwala, akhoza kuyamba kugwa. N'chifukwa chake wodwala bipi kapena shuga amene amamva chizungulire akadzuka ayenera kunena kuchipatala ndi kupempha kuti ayezedwe ali chigonere ndi chiimire.

Pali chithunzi chachitatu, chimene chimaoneka kwambiri mwa atsikana ndi amayi achichepere: bipi sitsika, koma mtima umakwera ndi 30 kapena kuposa pasanathe maminiti 10 munthu ali chiimire, n'kukhalabe pamwamba, limodzi ndi kufooka ndi chizungulire. Asanatchule dzina la matenda, wachipatala amayamba waona ngati palibe kuchepa kwa magazi, kuchepa kwa madzi, kutentha thupi kapena vuto la chithokomiro.

Ukalamba umafooketsa njira yonseyi, chifukwa makoma a mitsempha amauma ndipo sakokeka mokwanira kuti mabarorisepita amve bwino. Kugona pabedi masiku ambiri chifukwa cha matenda kumachepetsa madzi a m'magazi n'kufooketsa kuyankha kwa thupi, ndipo zomwezi zimawachitikira anthu obwera kuchokera m'mlengalenga. Mowa umamasula mitsempha, chakudya chambiri chimakokera magazi kumatumbo, ndipo mankhwala ena, monga amitiriputilini ndi a prositeti, amatsekereza ntchito ya noradirenalini pa mitsempha. Mwa okalamba ena vuto limakhala losiyana: kachotupa ka m'khosi kamamva mopitirira muyezo, moti kolala yothina, kumeta ndevu pakhosi kapena kutembenuza mutu mwamphamvu kumanamiza ubongo kuti bipi yakwera, mtima n'kuima kwa masekondi angapo. Pachifukwa chimenechi si bwino kutikita kapena kupsinja pamenepo, ndipo pofufuza kugunda kwa mtima pakhosi musagwire mbali zonse ziwiri nthawi imodzi.

Kupatsa thupi masekondi amene likufuna

Popeza kuthina kwa mitsempha kumachedwa ndi masekondi angapo, chothandiza choyamba ndi kudzuka m'magawo. Nthawi yoopsa kwambiri ndi usiku ndi m'mamawa, pamene munthu wagona maola ambiri, thupi lafunda, ndipo akufulumira kupita kukataya madzi. Akhale kaye m'mphepete mwa bedi kwa miniti imodzi, agwedeze mapazi ndi kulimbitsa ntchafu, kenako aime atagwira chinthu, ndipo ayambe kuyenda pamene m'maso mwayera. Amene ayenera kuima nthawi yaitali pamzere kapena m'tchalitchi azinyamuka pa zala za kumapazi, azisinthanitsa miyendo. Zizindikiro zikayamba, kupingasa miyendo n'kulimbitsa ntchafu, matako ndi mimba kumakweza bipi m'masekondi ochepa, ndipo kunjuta kapena kugona pansi kumaposa pamenepo. Kumwa madzi okwana theka la lita mofulumira kumakweza bipi kwa ola limodzi kapena kuposerapo mwa anthu amene mitsempha yawo ya uthenga inafooka. Zoonjezera mchere m'zakudya, kapena kusiya mankhwala a bipi, zisachitike popanda wachipatala.

Pali kukomoka kumene sikuyenera kuikidwa m'gulu ili. Munthu akakomoka ali chigonere kapena ali pakati pa ntchito yolemetsa, akakomoka popanda chizindikiro chilichonse chotsogola, akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, akafooka mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso amene akuchita chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi, ndi mayi amene waphonya msambo ndipo akumva kupweteka m'chinena limodzi ndi chizungulire akaimirira. Mwa anthu otere, makamaka achinyamata, mabarorisepita amagwira ntchito bwino kwambiri moti bipi ya chigonere imaoneka yabwino ngakhale magazi ambiri atatayika m'kati, ndipo chizindikiro choyamba chimakhala mtima wothamanga ndi kulephera kuima.